Anachotsa sitopu pa golide, madola 400 anatsala 12

Wa ku Chilomoni: Mwaswera bwanji nonse. Ndakhala chete pagulu pano kwa kanthawi ndithu, ena mwandifunsa kumbali ngati ndinasiya. Sindinasiye. Ndinaphulitsa akaunti yanga ya malonda a golide ndi ndalama zakunja pa intaneti ndipo manyazi anandigwira. Lero ndaganiza zoti ndifotokoze mmene zinayendera, ndi manambala omwe, chifukwa ndikuona alowa atsopano ambiri.

Ndinaikamo madola 400. Pa mtengo wa ku banki wa nthawi imeneyo zinali ndalama zoyandikira K700,000, ndipo theka lake ndinatenga ku banki nkhonde ya mayi akunyumba. Nthawi imeneyo golide anali cha m'ma madola 2330 pa aunzi. Lachinayi m'mawa ndinaona ngati wakwera mokwanira, ndiye ndinagulitsa XAUUSD, kutanthauza golide pa mtengo wa dola, loti 0.05, pa 2330, kuti ndipindule akatsika. Stop Loss, sitopu yomwe imatseka tiredi yokha mtengo ukafikapo, ndinaika pa 2338. Mpaka apa ndinachita monga ndinaphunzirira.

Pofika masana mtengo unali pa 2336. Ndinali m'minibasi yochokera ku Limbe, maso ali pa foni, nambala yofiira ikunena kuti ndaluza madola 30. Mtima unandiuza kuti angogunda sitopu yanga kenako n'kutsika. Ndinaisuntha kupita pa 2345. Titafika pa Ginnery Corner mtengo unali pa 2343, ndinalowa pa Modify n'kuifufutiratu.

Utafika pa 2345 ndinagulitsanso 0.05, poganiza kuti ukatsika pang'ono yachiwiriyi ilipira yoyamba. Usiku unafika pa 2358, ndinagulitsanso 0.05. Sindinagone. Lachisanu masana unadumpha kupitirira 2368, matiredi anayamba kutsekeka okha, imodzi imodzi. Pa 2372 yomaliza inatsekeka. Mu Balance munatsala madola 12.

Ndikanangoisiya sitopu ija pomwe inali, bwenzi nditaluza madola 40.

Mphwanga Bangwe: Eish, pepani achimwene. Ine mtima wagunda pongowerenga.

Mai a Tadala: Pepani ndithu. Koma ine ndifunse chifukwa zamafoni zanuzi sindizitsata bwino, ndinalowa pano kuti ndimvetse zomwe mwana wanga akuchita. Ndalama zinatsekeka zokha bwanji? Sakuberani anthu amenewa? Munthu sunavomere kugulitsa, wina angakugulitsire katundu wako?

Ankolo Nyambadwe: Mayi, funso lanu ndi labwino. Sanaberedwe. Potsegula akaunti munthu amavomera lamulo limenelo, kungoti ambiri sawerenga.

Taonani zomwe mphwathuyu ananyamula. Pa golide, loti imodzi yathunthu ndi maaunzi 100, ndiye 0.05 ndi maaunzi 5. Aunzi imodzi pa madola 2330, maaunzi 5 ndi katundu wa madola 11,650. Iye m'thumba anali ndi 400 basi. Buloka, kampani yomwe anatsegulako akaunti, amamulola kunyamula katundu wotere pongosunga kachikole kochepa. Ngati levareji inali 1:500, kutanthauza dola imodzi ya chikole pa madola 500 aliwonse a katundu, chikolecho ndi madola pafupifupi 23 pa tiredi iliyonse. Atatsegula zitatu, katundu anakwana maaunzi 15, kutanthauza kuti golide akakwera ndi dola imodzi yokha, iye waluza madola 15.

Buloka sadikira kuti ndalama zanu zithe n'kuyamba kudyeka zake. Pa MT5, pulogalamu yochitira malondawa, pali mzere wolembedwa Margin Level. Zotsala zanu zikachepa kufika pa mlingo womwe iye anaika, makina amayamba kutseka matiredi, kuyambira yomwe yaluza kwambiri. Kwa mabuloka ena mlingowo ndi 50 peresenti, kwa ena ndi wotsikirapo. Choncho sitopu inalipobe. Anachotsa yake ya madola 40, inatsala ya buloka, yomwe imagwira ntchito ndalama zikakhala kuti zatha kale.

Wa ku Chilomoni: Inali 1:500 yomweyo ankolo, ndipo 50 peresenti. Ndinaziwerenga pambuyo pake.

Jah Ndix: Ine ndinena zomwe ena akuopa kunena. Sitopu ndi chakudya cha mabuloka. Amaona pomwe mwaika, amakankhira mtengo pomwepo, akakudyani mtengo umabwerera. Zandichitikira kambirimbiri. Tsiku lina ndinagulitsa, kandulo pa tchati sinafike n'komwe pa mzere wanga, koma ndinatulutsidwa. Mundiuza kuti chimenecho n'chiyani? Vuto la aise uyu si kuchotsa sitopu ayi, vuto ndi kuwonjezera matiredi. Akanakhala ndi imodzi yokha ija bwenzi akadalimo.

Mphwanga Bangwe: Zoti kandulo sinafike koma watulutsidwa inenso zinandichitikira pa demo, akaunti yoyeserera ija. Ndinadabwa.

Ankolo Nyambadwe: Jah, mbali ina mukunena zoona. Kuwonjezera kuja ndi komwe kunafulumizitsa maliro. Ndi tiredi imodzi ya 0.05, pa 2372 akanakhala ataluza madola 42 kuchulukitsa ka 5, ndiwo 210. Akanatsala ndi 190, tiredi ikadali yotsegula. Koma kenako bwanji? Akanatuluka pati? Munthu wopanda sitopu alibe yankho pa funso limenelo, amangodikira. Ndipo amene ankagulitsa golide cha m'ma 2300 mu 2024 n'kumadikira kuti abwerere, anamuona akupitirira 2700 chaka chomwecho chisanathe, ndipo mu 2025 anapyola 3000.

Za kandulo yosafika ija ili ndi chifukwa chake, ndipo Mphwanga waitchula bwino kuti imachitika ngakhale pa demo pomwe palibe ndalama yoti wina abe. Mitengo imakhala iwiri nthawi zonse, Bid ndi Ask. Tchati nthawi zambiri imajambula Bid. Koma ukagulitsa, potuluka umagula, ndipo umagula pa Ask, womwe uli pamwamba. Ndiye sitopu ya munthu wogulitsa imagundidwa ndi Ask, mtengo womwe sukuuona pa kandulo. Mpata wa pakati pa mitengo iwiriyi umakula pakati pa usiku pamene tsiku la malonda likusintha ku New York, komanso pa nthawi ya malipoti akuluakulu. Lowani mu zokonzera tchati muyatse mzere wa Ask, mudzaona nokha.

Chinanso, tonse timaika sitopu malo amodzi, pamwamba penipeni pa nsonga ya dzulo kapena pa nambala yozungulira ngati 2350. Pomwe pali maoda ambiri mtengo umakonda kukafikapo. Sizifuna kuti wina akhale akuyang'ana akaunti yanu ya madola 400.

Jah Ndix: Za Ask ndavomera, ndikayatsa. Koma musandiuze kuti mabuloka onse ndi oyera. Ena amakhala mbali inayo ya tiredi yako, ukaluza iwo apindula.

Ankolo Nyambadwe: Alipo otero, sindikana, ndipo n'chifukwa chake munthu ayenera kufufuza kuti buloka wake amayang'aniridwa ndi bungwe liti. Koma ngati mukukayikira buloka, mankhwala ake ndi kuchotsako ndalama zanu. Kuchotsa sitopu n'kusiya ndalama komweko sikukutetezani kwa iye.

Sisi Chiso: Ine ndikufuna tibwerere kwa mwini nkhani. Achimwene a ku Chilomoni, mwati munaika sitopu bwinobwino poyamba. Ndiye munkadziwa. Chinakupangitsani kuichotsa n'chiyani kwenikweni? Chifukwa tikangoti "musamachotse sitopu", aliyense pano amadziwa kale zimenezo, koma timachotsabe.

Wa ku Chilomoni: Sisi, funso limeneli ndi lomwe ndakhala nalo masabata onsewa. Ndapeza zinthu ziwiri.

Choyamba, sikanali koyamba. M'mbuyomo ndinachotsapo kangapo, mtengo n'kubwerera, ine n'kutuluka ndi phindu. Tsiku lina ndinatumiza chithunzi pagulu pano, anthu munandiyamikira, koma tiredi imeneyo inali itadutsa pomwe panali sitopu yanga ndi madola ambiri. Sindinanene. Ndiye m'mutu mwanga munakhazikika zoti kupirira kumalipira. Msika unandipatsa mphotho pa khalidwe loipa, ine n'kuliyesa luso.

Chachiwiri ndi chomwe chinandipweteka nditachizindikira. Madola 40 aja ndinali ndisanawavomere. Ndinalemba 2338 m'bokosi la sitopu chifukwa ndi zomwe amaphunzitsa, koma sindinakhale pansi n'kudzifunsa kuti kodi K70,000 itapita lero masana, ndikhala bwino? Yankho linali ayi. Imeneyo inali ndalama yoti ibwezedwe ku banki nkhonde pakutha pa mwezi, ndi chiwongoladzanja chake. Ndiye mtengo utayandikira, sindinkaonanso tchati. Ndinkaona nkhope za amayi a pagulu lija, ndi mkazi wanga akufunsidwa pamaso pa anzake.

Sisi Chiso: Apo ndiye mwanena. Zikomo chifukwa chosabisa.

Ankolo Nyambadwe: Apa ndi pomwe pali nkhani yonse, ndipo atsopano mumve bwino. Cholakwa sichinayambire pa Ginnery Corner. Chinayambira m'mawa polemba 0.05. Madola 40 pa akaunti ya 400 ndi 10 peresenti pa tiredi imodzi. Anthu ochepa kwambiri angayang'ane gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zawo likupita, chala chili pa batani loti atha kuletsa, n'kusaletsa. Ine sindingathe, ndipo ndayamba kalekale. Mwambo womwe timaunenawu sudalira kulimba mtima kokha. Umadalira kuti chomwe ukuluzacho chikhale chaching'ono moti sichikukuwopsa.

Dongosolo lake limayenda chonchi. Umayamba ndi ndalama yomwe wavomera kutaya, tinene 1 peresenti, pa 400 ndi madola 4. Kenako umayang'ana tchati n'kupeza malo omwe mtengo ukafikapo ndiye kuti ganizo lako linali lolakwa. Pamenepo ndi pa sitopu. Loti imabwera pomaliza, kuchokera pa ziwirizi:

```
lot = risk / (stop distance x value per lot)
XAUUSD: 4 / (8 x 100) = 0.005
EURUSD: 4 / (20 x 10) = 0.02
```

Taonani pa golide. Sitopu yotalikirana ndi mtengo wolowera ndi madola 8 ikufuna loti 0.005, koma loti yochepetsetsa pa akaunti wamba ndi 0.01. Ndiye ngakhale yochepetsetsayo ikukuikani pa madola 8, yomwe ndi 2 peresenti. Masamu akukuuzani kuti akaunti ya 400 ndi yopanikizika pa golide. Iye ananyamula kakhumi kuposa zomwe masamu amalola. Pa EURUSD, yuro pa mtengo wa dola, loti 0.01 ndi masenti 10 pa pipi iliyonse, kasitepe kakang'ono ka mtengo, ndiye sitopu ya mapipi 20 ndi loti 0.02 ikukupatsani madola 4 ndendende.

Ambiri timachita mobwerera chammbuyo. Timayamba ndi loti yomwe ingatipatse ndalama yomwe tikulakalaka, kenako sitopu timaifinya pafupi kuti kuluza kuoneke kochepa. Sitopu yofinyidwa imagundidwa ndi kugwedezeka wamba kwa msika, kenako timati tasakidwa.

Mphwanga Bangwe: Koma ankolo, madola 4? Ndiye phindu lake likhala madola 8 kapena 10. Bandulo yokha pamwezi ikudya zoposa pamenepo. Tilemera liti?

Ankolo Nyambadwe: Pa madola 400 simulemera, mphwanga. Amene akukuuzani zina akufuna kukugulitsani kalasi kapena masiginolo. Akaunti yotere ndi yophunzirira. Onani kusiyana kwake. Mukaluza matiredi 10 motsatizana pa 1 peresenti, ndipo zimachitika, mumatsala ndi madola pafupifupi 362. Mukadali mu mpikisano. Pa 10 peresenti mumatsala ndi pafupifupi 139, ndipo kuti mubwerere pa 400 mukufunika kuchulukitsa ndalamazo pafupifupi katatu. Dzenje likakula, kutulukamo kumavuta moposa kukula kwake: mukataya theka, mukufunika phindu la 100 peresenti kuti mungofika pomwe munayambira.

Mu 2018 bungwe la ESMA, lomwe limayang'anira misika ya ndalama ku Ulaya, linanena kuti pakati pa 74 ndi 89 peresenti ya maakaunti a anthu wamba pa malonda a mtundu uno amaluza. Linachepetsa levareji kufika pa 1:30 pa ndalama zikuluzikulu ndi 1:20 pa golide. Ife kuno tikupatsidwa 1:500 n'kumasangalala. Pa 1:20, tiredi imodzi ya mphwathu ija ikanafuna chikole choposa madola 580, ndipo makina akanamukaniza asanalowe n'komwe.

Mai a Tadala: Tsopano ndayamba kumva. Ifenso ku msika wa Limbe zimatichitikira ndi tomato. Ukapikula dengu, tsiku lachiwiri ukaona wayamba kufewa, umagulitsa motsitsa ngakhale mtima ukuwawa, upezeko ya mpamba. Amene amaumirira mtengo wa dzulo amakataya dengu lonse. Koma ife sitipikulanso dengu lina la tomato wofewa kuti lipulumutse loyamba. Apo ndiye ndadabwa nanu achimwene. Ndipo ndalama ya banki nkhonde musadzaiyikenso ku zimenezi, ndakupemphani. Amayi aja amasonkha movutika.

Wa ku Chilomoni: Ndamva mayi. Ngongoleyo ndinamaliza kubweza, ndinagulitsa wailesi ya m'galimoto ndi kugwira maganyu a mawaya Loweruka ndi Lamlungu. Kuuza mayi akunyumba ndi komwe kunali kovuta kuposa kubweza.

Bro Machinjiri: Ine yanga ndi ina. Sindichotsa sitopu chifukwa sindiika n'komwe, ndimaisunga m'mutu. Ndimakhala pa tchati, ukafika pomwe ndanena ndimatseka ndekha. Mpaka pano zikuyenda.

Sisi Chiso: Ndi magetsi athuwa? Ine anandizimira ndili ndi tiredi, foni ili pa 4 peresenti, netiweki nayo n'kugwa. Chinandipulumutsa n'choti Stop Loss imakhala pa seva ya buloka, imagwira ntchito ngakhale foni yazima. Ya m'mutu imazima limodzi ndi foni. Ndipo chenjeraninso ndi Trailing Stop ya pa MT4 ndi MT5, sitopu yomwe imatsatira mtengo yokha, imeneyo imayenda pokhapokha pulogalamu ili yotsegula pa kompyuta yanu. Ikazima, sitopu imaima pomwe inafika komaliza.

Bro Machinjiri: Ine ndili ndi sola, za magetsi sizindikhudza.

Sisi Chiso: Sola sikuletsani kunena kuti "ndidikireko kandulo imodzi". Achimwene a ku Chilomoni anali ndi foni yodzadza.

Jah Ndix: Ndifunseko. Lachisanu lomwe unaphulika lija, sinali tsiku la NFP, lipoti la ntchito la ku America lija?

Wa ku Chilomoni: Linali lomwelo. Ndinkadziwa kuti ikubwera, koma ndinkaiwerengera ngati mpulumutsi wanga.

Jah Ndix: Ndiye ankolo yankhani apa. Pa NFP mtengo umadumpha. Ngakhale akanakhala ndi sitopu, ikanadumphidwa. Ndiye phindu lake n'chiyani?

Ankolo Nyambadwe: Kwa iye ikanagundidwa Lachinayi, tsiku lathunthu lipoti lisanatuluke. Koma funso lanu lili ndi mfundo. Sitopu si lonjezo la mtengo. Ikagundidwa imasanduka oda yotseka pa mtengo womwe ulipo panthawiyo. Lipoti la ntchito la ku America limatuluka kawirikawiri Lachisanu loyamba la mwezi, 8:30 m'mawa ku New York, kuno ndi 14:30 kapena 15:30 malinga ndi nyengo yawo. M'masekondi amenewo mutha kuika pa 2338 n'kutsekeredwa pa 2341. Chimodzimodzi Lolemba msika ukatsegula kutali ndi pomwe unatsekera Lachisanu.

Chitsanzo chachikulu ndi cha pa 15 Januwale 2015, pamene banki yaikulu ya ku Switzerland inasiya mwadzidzidzi kuteteza mlingo wa 1.20 pa EURCHF, yuro pa mtengo wa ndalama ya ku Switzerland. Mtengo unagwa kwambiri m'mphindi zochepa, masitopu anatsekeredwa kutali zedi, anthu ena anatsala ndi ngongole kwa mabuloka, ndipo kampani ya Alpari ya ku UK inagwa. Ndiye inde, sitopu ili ndi malire. Koma taonani amene anapulumuka tsiku limenelo: ndi omwe anali ndi loti yaing'ono. Kutsetsereka kwa madola 3 pa 0.01 ndi madola 3. Pa maaunzi 15 ndi madola 45. Tabwereranso pa kukula kwa loti.

Jah Ndix: Apo tagwirizana. Koma ine ndikhalabe ndi maganizo anga oti pa matiredi a masabata, ndi loti yaing'ono kwambiri, munthu atha kukhala wopanda sitopu.

Ankolo Nyambadwe: Alipo ochita zimenezo, koma amakhala opanda levareji kapena ndi yochepa zedi, ndipo amadziwiratu pomwe adzatulukire. Ngati inu muli ndi nambala imeneyo, sindikuona chokuletsani kuilemba m'bokosi.

Mphwanga Bangwe: Achimwene a ku Chilomoni, ndiye panopa mukuchita bwanji? Munabwereranso?

Wa ku Chilomoni: Ndinakhala kaye osatsegula MT5. Kenako ndinabwerera pa demo, koma ndinaika ndalama yofanana ndi yomwe ndingakwanitse, osati madola 100,000 omwe amakupatsa aja. Panopa ndili pa akaunti ya masenti, yolola matiredi ang'onoang'ono kwambiri, ndi madola 60 a m'thumba mwanga. Golide ndamusiya, ndili pa EURUSD yokha.

Ndisanalowe ndimalemba m'kope mtengo wolowera, sitopu, ndi ndalama yomwe ipite ndikalakwa, ndipo ndalamayo ndimailemba m'makwacha, chifukwa m'madola imaoneka yaing'ono. Sitopu ndimailemba pa oda pomwepo ndisanadine Sell kapena Buy. Ikalowa, imaloledwa kusunthira mbali imodzi yokha, yochepetsa kuluza. Tiredi yomwe ikuluza sindiiwonjezera. Ndikagundidwa kawiri tsiku limodzi ndimatseka foni. Ndipo ndinachotsa MT5 pa sikirini yoyamba, chifukwa ndaona kuti ndikamayang'ana kandulo iliyonse dzanja limayabwa.

Sabata yatha ndinayesedwa. Ndinagula EURUSD, sitopu mapipi 18. Inagundidwa, kenako mtengo unatembenuka n'kukwera mapipi oposa 50 kupita komwe ndinkanena. Zinandiwawa, sindinama. Koma zomwe zinapita ndi masenti 60, ndipo ndinagona tulo. M'kope ndinalemba kuti mwina sitopu inali pafupi kwambiri ndi pansi pa dzulo, ndiyang'ane matiredi ena ngati zikubwerezabwereza ndisanasinthe kalikonse.

Bro Machinjiri: Mwaona? Mukanakhala ndi ya m'mutu bwenzi mutadya mapipi 50 amenewo.

Wa ku Chilomoni: Mwina. Ndi mmene ndinkadyera kale, mpaka Lachinayi lija.

Sisi Chiso: Ankolo, pa nkhani ya sitopu kukhala pafupi kwambiriyi, mumayeza bwanji mpata woyenera? Ine ndimangoika mapipi 20 paliponse, ndipo ndikuona ngati masiku ena ndi ochepa.

Ankolo Nyambadwe: Ndi ochepadi masiku ena, chifukwa msika sugwedezeka mofanana. Ikani ATR pa tchati chomwe mukugwiritsa ntchito, imakuonetsani kuti makandulo aposachedwa akutalika bwanji, nthawi zambiri 14 omaliza. Ngati ikunena mapipi 15 pa tchati cha ola limodzi, sitopu ya mapipi 10 ili mkati mwa phokoso. Ena amaika kamodzi ndi theka ka ATR, ena kawiri, palibe nambala yomwe onse amagwirizana. Chachikulu n'choti sitopu ikatalika, loti ichepe, madola 4 aja asasinthe. Tumizani chithunzi cha tchati chanu madzulo ano ndikaweruka, tiwerengere limodzi pa tiredi yeniyeni.

Mai a Tadala: Inenso ndimuuza mwana wanga andionetse kope lake. Ngati alibe, foni ndimulanda kaye.

Mphwanga Bangwe: Ankolo, ine akaunti yanga ndi ya madola 35, ndipo buloka wanga alibe ya masenti. Pa 0.01 ndi mapipi 20 ndi madola 2, ndiye pafupifupi 6 peresenti. Ndisinthe buloka kapena ndikhale kaye pa demo?